Ankafuna kufika pa makilogalamu 60, tinagwirizana za 87: lipoti la mayi wina wa ku Dedza

Lipotili ndi la mayi wa zaka 44 amene ndinawatsata kwa chaka chathunthu ku kiliniki yathu ya odwala bipi ndi shuga m'boma la Dedza. Ndalembera anzanga anamwino, madokotala ndi alangizi a za kadyedwe, chifukwa tonsefe timauza anthu tsiku ndi tsiku kuti achepetse thupi, koma si kawirikawiri pamene timawauza kuti achotse makilogalamu angati, pa nthawi yaitali bwanji, ndiponso adzadziwira chiyani kuti zikuyenda. Mayiwa anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe popanda dzina.

Mmene anabwerera

Mayiwa ndi a geni. Amaoda mbatatesi ndi kabichi cha ku Tsangano ndi ku Lizulu n'kumagulitsa pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1. Ali pabanja, ana asanu, ndipo anatseketsa atabereka mwana womaliza. Anabwera kumayambiriro kwa Malichi akudandaula mutu, kuphwanya kwa mawondo ndi befu akamakwera chitunda chochokera pasiteji kufika pachipatala. Paulendo wa tsiku limenelo anaima katatu kuti apume.

Tinawayeza m'mawa asanadye. Kutalika kunali masentimita 158, sikelo inawerenga makilogalamu 92.0, ndipo tepi yozunguliza mimba inafika pa masentimita 108. Bipi inali 156/98, ndipo titabwereza patapita mlungu inali 152/96. Shuga wa asanadye anali 116 mg/dL, kutanthauza kuti anali atadutsa pabwino koma asanafike pa 126 pamene timati munthu ali ndi matenda a shuga. Tikagawa kulemera kwawo ndi kutalika kwa m'mamita kochulukitsa ndi kutalika komweko, 92 ÷ (1.58 × 1.58), BMI yawo inali 36.9.

Ndisanalankhule za cholinga chilichonse ndinafuna kudziwa kaye mmene thupilo linabwerera. Pamene ankakwatiwa ali ndi zaka 21 ankalemera pafupifupi makilogalamu 60. Mimba iliyonse inkawasiyira atatu kapena anayi, koma kukwera kwenikweni kunayamba atasiya kulima okha n'kuyamba kukhala pamsika kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sankamwa mankhwala alionse onenepetsa, miyendo sinali yotupa, magazi anali atayezetsa posachedwa n'kupezeka opanda kachilombo, ndipo panalibe chizindikiro cha vuto la chithokomiro. Chaka chapitacho anali atayesapo tiyi wina wochepetsa thupi amene anagula kwa mnzawo. Anatsegula naye m'mimba kwa milungu iwiri, anatsika makilogalamu atatu, ndipo onse anabwerera mwezi usanathe.

Adokotala anawayambitsa mankhwala a bipi okodzetsa aja timalemba kuti HCTZ m'kabuku, kenako anawatumiza kwa ine kuti tikambirane za thupi.

Nambala imene anabwera nayo

Funso langa loyamba limakhala lakuti munthuyo akufuna chiyani. Mayiwa sanachedwe kuyankha.

"Adokotala, mwana wanga wamkazi chinkhoswe chake chili mu Juni. Ndikufuna pofika tsikulo ndikhale nditabwerera pa 60, mmene ndinalili pa ukwati wanga."

Chovuta chake n'chakuti tchati chathu chapakhoma chinkagwirizana nawo. Kwa munthu wa masentimita 158, BMI ya 25 imagwera pa makilogalamu pafupifupi 62. Wina aliyense wowerenga tchaticho akanawauza kuti inde mayi, muchotse makilogalamu 30. Ndikudziwa kuti ambiri timatero, chifukwa tchati ndi chimene tili nacho pafupi. Koma tchati chimatiuza gulu limene munthu ali lero, sichitiuza pamene thupi la munthu ameneyu, pa msinkhu wake ndi mbiri yake, lingathe kufika n'kukhazikika.

Sindinawakanize ndi pakamwa pokha. Tinatenga pepala n'kuwerengera limodzi, chifukwa munthu wa geni masamu amawamva msanga. Kuchoka pa 92 kufika pa 60 ndi makilogalamu 32. Kuyambira tsikulo kufika pa chinkhoswe inali milungu 13. Ndiye kuti mlungu uliwonse anayenera kutsika makilogalamu awiri ndi theka. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, choncho kuti atsike chotero anafunika kuperewera makalori oposa 2,700 tsiku lililonse. Thupi la mayi wa msinkhu wawo, wokhala pamsika tsiku lonse, limagwiritsa ntchito makalori a pakati pa 2,200 ndi 2,400 pa tsiku. Ndinawauza mosapita m'mbali kuti ngakhale atasiyiratu kudya, osalawa kanthu mpaka Juni, masamuwo sangakwane. Anayang'ana pepalalo kwa kanthawi n'kunena kuti, "Ndiye kuti palibe chimene ndingachite?"

Apa ndi pamene pamafunika kusamala kwambiri. Ukamulanda munthu nambala yake osamupatsa ina, amachoka atataya mtima ndipo sabweranso. Nambala imene ndinawapatsa inachokera pa kulemera kwawo kwa tsikulo, osati pa tchati. Kwa munthu wonenepa amene bipi ndi shuga zayamba kukwera, kuchotsa makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwake kumatsitsa kale bipi, shuga ndi mafuta a m'magazi, ndipo kumapeputsira mawondo. Kafukufuku wamkulu wa ku America amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002 anatenga anthu a shuga wokwera pang'ono, n'kuwapatsa cholinga chochotsa 7 pa 100 alionse ndi kuchita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa mlungu. Chiopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi 58 pa 100 poyerekeza ndi amene sanalowe m'dongosololo. Anthuwo sanauzidwe kuti abwerere pa thupi la unamwali wawo.

Kwa mayi athuwa, 5 pa 100 alionse anali makilogalamu 4.6, ndipo 10 pa 100 anali 9.2. Tinalemba m'kabuku kawo ka kuchipatala masitepe awiri. Loyamba, kufika pa 87.5 pofika nthawi ya chinkhoswe. Lachiwiri, kuyandikira 83 pakati pa miyezi isanu ndi umodzi ndi isanu ndi inayi, kenako tidzakhale pansi tione ngati kuli koyenera kupitirira. Liwiro tinagwirizana kuti lisapose theka la kilogalamu pa mlungu, kapena kuti awiri pa mwezi. Malangizo ambiri amalola theka mpaka kilogalamu imodzi pa mlungu, ndipo ine ndinasankha malire apansi dala. Mayiwa amadya m'mbale imodzi ndi banja, amadzuka m'bandakucha kukaoda katundu, ndipo anali atangoyamba mankhwala okodzetsa. Liwiro lofuna kuti aziphika mphika wawowawo likanatha milungu iwiri basi.

Sanakondwere nazo. Anati, "87 ndi 92 ndi chimodzimodzi, anthu sadzaona n'komwe." Ndinawayankha kuti mwina anthu sadzaona, koma makina a bipi adzaona, ndipo telala wawo adzaona. Ndinawauzanso zoona zake, kuti ngakhale atafika pa 83 tchati chidzawaikabe m'gulu la onenepa, chifukwa BMI idzakhala cha m'ma 33. Ndimakonda kunena zimenezi poyambirira, kuti asadzazimve kwa wina n'kuganiza kuti alephera.

Za kadyedwe sinditaya nazo nthawi yaitali pano. Tinafufuza pamene pangachoke makalori pafupifupi 500 pa tsiku popanda kusintha mphika wa banja. Tiyi ankamwa katatu, kapu iliyonse masupuni anayi a shuga, ndipo tinatsitsa kufika pa supuni imodzi. Botolo la zoziziritsa kukhosi la masana aliwonse linachoka. Tchipisi cha pachiwaya chinatsala cha kawiri pa mlungu, ndipo mitanda ya nsima ya madzulo inachoka pa inayi kufika pa iwiri kapena itatu, ndiwo zamasamba n'kuchuluka. Tinaonjezera kuyenda mwandawala mphindi 30, masiku asanu pa mlungu.

Zinthu zina zimene tinayeza tsiku loyamba

Gawo ili ndi limene linadzapulumutsa ntchito yonse, ndiye ndifotokoze bwino. Ngati ukufuna kudzauza munthu mwezi wachitatu kuti zikuyenda ngakhale sikelo yaima, uyenera kukhala utayeza zinthu zinazo tsiku loyamba. Ukadzayamba kuzitchula sikelo itakana kale, munthu amaona ngati ukungomutonthoza.

Choyamba chinali tepi. Timayeza munthu ataimirira, miyendo itayandikana, pakhungu kapena pa chovala chopyapyala. Umapapasa nthiti yomaliza ndi nsonga ya fupa la m'chiuno cha m'mbali, n'kuzunguliza tepi pakati pa ziwirizi, yosapendekeka, yosafinya mnofu, ndipo umawerenga munthu atangotulutsa mpweya mwachizolowezi. Kwa amayi chiopsezo chimayamba kukwera tepi ikadutsa masentimita 80, ndipo chimakula kwambiri ikadutsa 88. Kwa abambo ndi 94 ndi 102. Njira ina yosavuta kukumbukira ndi yakuti mimba isapose theka la kutalika kwa munthu. Tepi ndi yofunika chifukwa mafuta a m'mimba, ozungulira chiwindi ndi matumbo, ndi amene amagwirizana kwambiri ndi shuga ndi bipi, ndipo nthawi zambiri ndi amene amayamba kuchepa munthu akayamba kuyendayenda. Ndinalemba m'kabuku malo enieni amene ndinayezapo, kuti tsiku limene ine kulibe mnzanga asadzayeze pamchombo kapena pa malo ena n'kupeza nambala yosiyana.

Chachiwiri chinali mphamvu za miyendo. Ndinawakhazika pa mpando wopanda mikono wotsamira kukhoma, manja atapingasa pachifuwa, n'kuwerenga kuti adzuka ndi kukhala kangati pa masekondi 30. Anakwanitsa ka 9. Tinalembanso za chitunda chija, kuti anaima katatu. Ndiye panali bipi ndi shuga, zimene zinali kale m'kabuku. Pomaliza ndinawapempha asankhe chovala chimodzi chopanda lasitiki chimene chinasiya kuwakwana. Anasankha siketi ya yunifolomu ya kumvano, imene zipi yake inkathera pakati.

Za sikelo tinagwirizana kuti azikwera pa sikelo ya kukiliniki yokha, m'mawa, atakodza, atavula nsapato ndi zovala zolemera, kamodzi pa milungu iwiri poyamba, kenako kamodzi pa mwezi. Anali ndi chizolowezi chodzipima pa sikelo zolipiritsa za pamsika, ndipo ndinawapempha asiye, chifukwa sikelo ziwiri zimatha kusiyana ndi kilogalamu yathunthu kapena kuposa.

Milungu iwiri yoyamba: kutsika kosangalatsa koma konyenga

Atabwera patatha milungu iwiri sikelo inawerenga 89.6. Anali atatsika makilogalamu 2.4, kuposa kawiri zimene tinagwirizana, ndipo chimwemwe chinali chosabisika. Anati, "Mwaona adokotala, 60 ija itheka." Koma pocheza anandiuza kuti akumamva chizungulire akadzuka mofulumira, ndipo tsiku lina anatsala pang'ono kugwa akutsitsa thumba la mbatatesi. Nditafunsitsa anaulula kuti nsima anaisiyiratu, akungodya masamba ndi tiyi wopanda shuga, kuti zifulumire. Tepi inali pa 107, kusiyana kwa sentimita imodzi yokha, kumene kungabwere ndi kayezedwe chabe.

Thupi limasunga shuga wina m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse ya shuga ameneyu imasungidwa pamodzi ndi madzi pafupifupi magalamu atatu. Munthu akasiya zakudya zokhutitsa mwadzidzidzi, nkhokwe imeneyi imatha m'masiku ochepa ndipo madziwo amatuluka ndi mkodzo. Kwa mayiwa panaonjezekera mankhwala okodzetsa amene anali atangoyamba. Choncho gawo lalikulu la makilogalamu 2.4 aja linali madzi. Ndinawafanizira ndi sikelo ya mavenda ogula chimanga, imene imayeza thumba lonse osasiyanitsa chimanga ndi chinyezi chake. Anamva msanga, chifukwa amadziwa mmene thumba la chimanga chosauma limapepukira likakhala padzuwa.

Ndinawayeza bipi atakhala pansi ndiponso ataimirira, ndinawaonetsa kwa adokotala, ndipo tinagwirizana kuti mankhwala apitirire koma nsima ibwerere, mitanda iwiri masana ndi iwiri madzulo, ndiponso azimwa madzi okwanira. Ndinawachenjezeratu kuti nsima ikabwerera sikelo iima kapena ikwera pang'ono kwa mlungu umodzi kapena iwiri, ndipo kumeneko sikudzakhala kunenepa. Ndinawauzanso chifukwa chimene sitifunira liwiro lotere ngakhale litatheka: kutsika mothamanga kumadya minofu pamodzi ndi mafuta, kumaonjezera mwayi wa timiyala ta m'ndulu, ndipo munthu wonyamula matumba sangagwire ntchito ndi njala yotero kwa miyezi.

Pa mlungu wachinayi sikelo inali 89.8, pa wachisanu ndi chitatu 88.9. Ukaona kuchokera pa 92, ndi makilogalamu atatu pa miyezi iwiri, pafupi ndithu ndi dongosolo lathu. Ndinajambula timadontho pa tsamba lakumapeto kwa kabuku kawo kuti aziona mzere wonse, osati nambala ya tsiku limodzi.

Tsiku la mu Juni

Aliyense wodziwa Dedza akudziwa mmene Juni amazizirira. Mlungu wa 12 mayiwa anabwera ine ndili ku wodi, ndipo pakhomo, pamene pamakhala mzere wautali, anapimidwa mwachangu monga aliyense. Nditabwerera ndinawapeza atakhala pabenchi, kabuku kali m'manja, maso ali ofiira. Munali mutalembedwa 89.3.

"Adokotala, ndavutika pachabe. Shuga ndinasiya, ndikuyenda m'mawa kuzizira konseku, koma thupi likungokwera. Bola ndingosiya."

Ndinawayang'ana mmene anavalira: juzi, jekete lalikulu lakaunjika pamwamba pake, zitenje ziwiri, nsapato zotseka, ndi epuloni ya pamsika imene m'thumba mwake munali foni, makiyi ndi ndalama zachitsulo. Tinalowa m'chipinda, anavula zolemerazo, n'kukweranso pa sikelo yathu ya nthawi zonse. Inawerenga 87.9. Zovala ndi kusiyana kwa sikelo zinali zitawaonjezera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Ndinadina pa akakolo kuona ngati pali kutupa, panalibe. Zimenezi ndimachita nthawi zonse sikelo ikakwera mosayembekezereka, chifukwa kukwera kwa makilogalamu awiri kapena atatu m'masiku ochepa, miyendo itatupa kapena munthu akubanika, ndi nkhani ya mtima kapena impso ndipo ndi ya adokotala tsiku lomwelo. Anandiuzanso kuti ali pafupi kupita kumwezi, nthawi imene amayi ambiri amasunga madzi.

Komabe 87.9 sinali 87.5, ndipo mayiwa anaona zimenezo. Apa ndinatsegula tsamba la tsiku loyamba. Tepi inali itachoka pa 108 kufika pa 101. Bipi inali 140/88 pa mankhwala omwewo. Pa mpando paja anadzuka ka 13. Nditafunsa za chitunda anaganiza kaye, kenako anati lero sanaime n'kamodzi komwe, ndipo anali asanazindikire. Siketi ya kumvano anali ataivala Lachinayi lapitalo, zipi itatseka mpaka pamwamba. Zonsezi anali nazo, koma nambala imodzi yolembedwa pakhomo inali itaziphimba.

Masentimita 7 pa makilogalamu anayi ndi kutsika kwabwino kwa mimba, ndipo pamodzi ndi mphamvu za miyendo zimene zinaonjezeka, zinandiuza kuti chimene chikuchoka ndi mafuta, minofu ili bwino. Zikanakhala kuti sikelo yatsika kwambiri koma tepi ili pomwepo ndipo pa mpando akudzuka kochepa kuposa kale, ndikanada nkhawa ngakhale iwo akanasangalala.

Mawu a anthu

Chinkhoswe chinachitika, ndipo mu Julayi mayiwa sanabwere. Anatulukira pakati pa Ogasiti, sikelo ili pa 88.8, akuoneka omangika. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Pa chinkhoswe apongozi awo anawaitanira pambali n'kuwafunsa ngati akudwala, kapena ngati kunyumba kuli mavuto. Pamsika anzawo ena anayamba kunong'onezana kuti mayi aja akutha, mwina ndi matenda aja. Bambo akunyumba nawo anayamba kudandaula kuti anthu aziti sakuwasamala. Mayiwa anabwerera ku tiyi wa shuga wambiri ndi chiwaya, osati chifukwa cholephera kudziletsa, koma kuti anthu asiye kuwanena.

Nkhani imeneyi sitingaichepetse kuno kwathu. Anthu ambiri a msinkhu wa mayiwa anaika m'manda abale amene anayamba ndi kuwonda, ndipo thupi lodzaza limaonedwa ngati umboni wakuti munthu ali bwino ndiponso pabanja pali mtendere. Makilogalamu anayi okha anali atakwanira kuyambitsa manong'onong'o. Ndikaganiza za 32 aja ankafuna poyamba, ndimaona kuti cholinga chotheka sichiyezedwa ndi thupi lokha, chimayezedwanso ndi zimene munthu angapirire pakati pa anthu amene amakhala nawo.

Mantha a apongoziwo sindinawatenge ngati umbuli, chifukwa kuwonda kosafuna ndi chizindikiro chenicheni cha matenda. Ndinafunsa za chifuwa, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi, kutsegula m'mimba ndi kusowa chilakolako cha chakudya. Panalibe. Ndinafunsanso za ludzu ndi kukodzakodza usiku, ndipo tinayezanso shuga, chifukwa munthu amene shuga wake anali kale pamalire akhoza kuwonda chifukwa matenda a shuga ayamba, ife n'kumaombera m'manja kuti dongosolo likuyenda. Shuga anali 104. Mayiwa anapempha okha kuyezetsanso magazi, ndipo zotsatira zinali monga kale.

Ndinawapempha kuti ulendo wotsatira abwere ndi bambo. Anabweradi, munthu wofatsa, chipewa chili m'manja. Ndinawaonetsa bipi ya mu Malichi ndi ya tsikulo, n'kuwafotokozera za sitiroko, imene anaidziwa bwino chifukwa mlongo wawo anafa ziwalo mbali imodzi. Funso lawo linali limodzi: "Nanga adokotala, azingowonda mpaka liti?" Chifukwa chakuti tinali ndi nambala yolembedwa, ndinatha kuwayankha kuti sitikupita pa 60, tikulowera cha m'ma 83 mpaka 85, ndipo mayi adzakhalabe ndi thupi lawo. Anapumira m'mwamba n'kunena kuti ngati ndi choncho palibe vuto, akawafotokozera amayi awo okha. Cholinga chokhala ndi malire chinathandiza banjalo kuposa mmene ndinkayembekezera.

Pamene sikelo inaima

Kuyambira Sepitembala zinayambanso kuyenda. Mu Okutobala anali pa 86.3, kumapeto kwa Novembala pa 85.1. Kenako sikelo inaima. Disembala 85.3, Januwale 84.9, Febuluwale 85.2. Kusiyana kotereku ndi kwa madzi ndi zimene zili m'mimba, ndipo kunena zoona kulemera kunali kutakhazikika pa 85.

Kuima kotere kumachitika kwa anthu ambiri pakatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, ndipo kuli ndi zifukwa zake. Thupi la makilogalamu 85 limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa kuposa la 92, pogona ndi poyenda pomwe, choncho chakudya chimene chinkaperewera mu Malichi chimadzakhala chongokwanira. Njala nayo imakula munthu akatsika thupi, ndipo mitanda imakula pang'onopang'ono mwini wake osazindikira. N'chifukwa chake masamu a makalori 7,700 aja amathandiza kuonetsa kuti cholinga china n'chosatheka, koma sungawagwiritse ntchito kulonjeza munthu kuti azitsika theka la kilogalamu mlungu uliwonse mpaka chaka kutha.

Tinabwereza kufunsa zimene amadya pa tsiku ndipo tinapeza zochepa zokonza: shuga wa mu tiyi anali atakwera kufika masupuni awiri, ndipo nthawi ya mvula kuyenda kwa m'mawa kunkadumphidwa, ngakhale kuti ankapita kumunda Loweruka. Funso linali lakuti tiwafinyenso kuti afike pa 83 amene tinalemba, kapena tiime. Kuti achotse awiri otsalawo panafunika kudulanso nsima kapena kuonjezera nthawi yoyenda, pa nyengo imene geni inali yovuta ndipo iwo ankanena okha kuti apa ndi pamene akutha kukhala osavutika. Makilogalamu 7 pa 92 ndi 7.6 pa 100 alionse, mkatikati mwa zimene tinkafuna kuyambira pachiyambi. Bipi ndi shuga zinali zitafika pabwino. Nditakambirana ndi adokotala ndi mayi eni ake, tinasintha cholinga: kwa miyezi isanu ndi umodzi ntchito ikhale yosunga 85, osati kutsika. Tinaika malire akuti sikelo ikadutsa 87 pa maulendo awiri otsatizana, kapena tepi ikabwerera pa 100, tidzakhala pansi msanga osadikira kuti onse abwerere.

Anzanga ena angatsutse kuti ndinaima msanga, popeza BMI idakali pamwamba pa 30 ndipo mimba idakali yoposa 88. Mfundo yawo ndi yoona, chiopsezo sichinathe. Koma mwa anthu amene amatsika thupi, ambiri amabwezera gawo lina m'chaka chotsatira, ndipo kwa mayiwa ndinaona kuti makilogalamu 7 osungika ali ndi phindu lalikulu kuposa 9 amene angawatope n'kuwataya onse.

Pa ulendo wotseka chaka, mu Malichi, sikelo inali 85.4 ndipo BMI 34.2. Tepi inali pa 97, kutsika ndi masentimita 11, ndipo awiri mwa amenewa anachoka m'miyezi imene sikelo inali itaima. Bipi inali 132/84 pa mankhwala omwe aja, osaonjezera ena. Shuga wa asanadye anali 98 mg/dL. Pa mpando anadzuka ka 15. Mawondo amawawabe akakhala nthawi yaitali pamsika, koma mankhwala opha ululu amene ankamwa pafupifupi tsiku lililonse tsopano amamwa mwa apo ndi apo. Mankhwala a bipi sitinawasiyitse, ndipo ndinawauza momveka kuti asasiye okha poona kuti nambala zili bwino.

Panopa akubwera kamodzi pa miyezi iwiri. Ku kiliniki tinagwirizana kuti aliyense amene ali pa dongosolo lochepetsa thupi azipimidwa m'chipinda pa sikelo imodzi, atavula majekete, ndipo tepi izilembedwa pambali pa kulemera ulendo uliwonse. Mu Sepitembala tidzaonanso nkhani ya mayiwa. Ngati 85 adzakhale atasungika ndipo iwo akufuna, sitepe lotsatira lidzakhala 5 pa 100 alionse kuchokera pa 85, kutanthauza makilogalamu anayi, kufika cha pa 81, pa liwiro lomwe lija la awiri pa mwezi kapena kucheperapo.